Kalata yopempha adiresi yokhazikika ya pa intaneti ya kafe: musaitumize musanaone izi

*"Ndili ndi intaneti kafe ku Zomba, makompyuta 12 komanso waifai ya mavocha. Pulogalamu yathu ya maakaunti ili pa seva ya lendi imene imangolola adiresi ya kafe yathu yokha. Magetsi akazima n'kuyakanso adiresi ija imasintha, ndiye timakhala panja mpaka mnyamata wotikonzera makina akasinthe lamulo pa fayawolo. Makamera nawonso sindiwaona ndikakhala kunyumba. Ndalemba kalata ya mizere iwiri kwa kampani yotipatsa intaneti, yoti atipatse adiresi yosasintha kuti malamulo a fayawolo aphweke. Kodi yakwana, kapena pali choti ndiwonjezere?"* Mwini kafe, Zomba

Zikomo bambo. Mtima ukhale m'malo, chifukwa zimene mukupemphazo si zachilendo. Makampani a intaneti anazolowera mapempho otere, ndipo kwa munthu wa bizinesi ngati inu kawirikawiri amavomera, bola mukhale okonzeka kulipira ndalama yowonjezera pamwezi. Mwaganizanso bwino polemba kalata m'malo mongoimba foni, chifukwa za pafoni zimathera pomwepo, pomwe kalata imakhala mboni yanu tsiku lina zinthu zikadzasokonekera. Koma mizere iwiriyo isungeni kaye m'dirowa. Ndaona eni makafe angapo atapatsidwa ndendende chimene anapempha, n'kupezeka kuti si chimene ankafuna, ndipo mwezi ndi mwezi akulipira chinthu chosawathandiza.

Tiyambe ndi mawu akuti malamulo a fayawolo aphweke, fayawolo pokhala mlonda amene amalola kapena kukana mauthenga a pa netiweki. Fayawolo yake iti? Pa nkhani yanuyi pali ziwiri. Ina ili pa rauta ya m'kafe mwanu, ina ili pa seva ya lendi ija. Ya pa rauta yanu, ikakhala kuti inalembedwa bwino, sisamala n'komwe kuti lero muli ndi adiresi yanji. Malamulo ake amanena za mbali imene uthenga ukulowera, monga kunena kuti chilichonse chochokera kunja chimene sitinachiitane chikanidwe, ndipo lamulo lotere limagwira ntchito chimodzimodzi adiresi isinthe kapena isasinthe. Ngati mnyamata wanu amasinthanso malamulo a pa rauta nthawi iliyonse magetsi akazima, ndiye kuti analemba adiresi ya tsikulo m'kati mwa malamulo, ndipo zimenezo angakonze lero lomwe popanda kalata iliyonse.

Imene adiresi yokhazikika idzaipepukitse ndi fayawolo ya uko ku seva. Iyo imakuzindikirani ndi adiresi basi. Adiresi ikasintha, mwasanduka mlendo. Ikakhazikika, lamulo limalembedwa kamodzi n'kuiwalika:

```
ufw allow from 203.0.113.10 to any port 443 proto tcp
```

Adiresi imene ndalembayo ndi yongochitira chitsanzo, yanu adzakupatsani okha. Ndipo poti tafika pa seva, muuzeni mnyamatayo alembe `ufw status numbered` muonere limodzi. Kawirikawiri mumapezeka mndandanda wautali wa maadiresi akale amene ankawonjezedwa magetsi akazima, osafufutidwa. Maadiresi amenewo pano ali m'manja mwa anthu ena amene simukuwadziwa, ndipo seva yanu ikuwalolabe. Afufutidwe sabata ino, musadikire yankho la kampani.

Tsopano nkhani ya makamera, imene ikundikayikitsa kwambiri. Adiresi kusasintha ndi nkhani ina, adiresi kufikika kuchokera kunja ndi inanso. Maadiresi a mtundu umene tikukambawu, wotchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni padziko lonse, ndipo nkhokwe yaikulu imene mabungwe a m'zigawo ankatapamo inatha mu 2011. Kuno ku Africa amagawa ndi bungwe la AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius, ndipo kampani ikamapempha maadiresi imayenera kufotokoza ntchito yake. Chifukwa cha kuchepa kumeneku, makampani ambiri, makamaka pa intaneti yodzera pa simu kadi, amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi yapoyera. Njira imeneyi ndi imene mudzaimve akuitchula CGNAT. Zili ngati mudzi wonse kulandirira makalata pa bokosi la sukulu ya pulayimale: mukalemba ndinu, yankho limakupezani chifukwa aphunzitsi akudziwa amene anatumiza, koma kalata yongofika pa bokosilo popanda dzina ilibe kolowera. Foni yanu ikamafuna makamera muli kunyumba, imakhala kalata yopanda dzina ija.

Ndiye mukangolemba kuti mukufuna adiresi yosasintha, wina ku ofesi kwawoko akhoza kukukhazikitsirani adiresi yamkati ya pa netiweki yawo. Pa rauta yanu idzaoneka yosasintha ndithu, koma kunja mudzapitiriza kutulukira pa adiresi yogawana ndi ena, imene imasinthabe, ndipo makamera sadzaoneka. Iwo adzati anachita zimene munalemba, ndipo adzakhala akunena zoona.

Kudziwa pamene muli ndi ntchito ya mphindi zisanu. Sindinauzidwe mtundu wa rauta yanu, choncho ndipereka zitsanzo za MikroTik poti ndi imene ndimaipeza m'makafe ambiri. Lowani mu rauta muone adiresi imene ili ku mbali yakunja, ndi `/ip address print`. Kenako pa kompyuta iliyonse ya m'kafemo tsegulani `ifconfig.me` muone adiresi imene dziko lakunja likukuonerani. Ziwirizi zikafanana, muli ndi adiresi yapoyera kale, vuto ndi kusinthasintha kokha. Zikasiyana, yang'anitsitsani ya pa rauta ija. Ikakhala pakati pa `100.64.0.0` ndi `100.127.255.255`, muli kuseri kwa CGNAT mosakayika, chifukwa chigawo chimenecho chinapatulidwira ntchito imeneyi mu 2012. Ikayamba ndi `192.168.` ndiye nthawi zambiri ndi kabokosi ka kampani kamene kali pakhoma panupo kamene kakubisa rauta yanu, ndipo kamafunika kuikidwa pa `bridge mode` kuti adiresi yeniyeni ifike pa rauta. Ikayamba ndi `10.` ikhoza kukhala iliyonse mwa ziwirizi. Lembani maadiresi awiriwa pa pepala limodzi ndi tsiku ndi nthawi, kwa masiku atatu kapena anayi, makamaka magetsi akangobwera. Pepala limenelo mudzaliphatikize ku kalata, ndipo katswiri wa kumeneko akaliona adzadziwa msanga chimene mukunena.

Mukapeza kuti muli pa CGNAT, dziwaninso kuti adiresi imene mwakhala mukuilola pa seva si yanu nokha. Aliyense amene akutulukira pa adiresi yomweyo tsiku limenelo, kaya ali ku Chinamwali kaya ku Liwonde, fayawolo ya seva yanu ikumuona ngati inu.

Izi zikundifikitsa pa chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa zonse, chifukwa ndi pamene kafe imasiyanirana ndi ofesi wamba. Mu ofesi, onse otulukira pa adiresi imodzi ndi antchito anu. Mu kafe, otulukira pa adiresi yanu ndi aliyense amene walipira theka la ola kapena wagula vocha n'kukhala pakhonde ndi foni yake. Mukauza seva kuti ikhulupirire adiresi ya kafe, mwaiuza kuti ikhulupirire makompyuta onse 12 aja ndi mafoni onse a pa waifai. Wophunzira wachidwi amene wakhala pa kompyuta nambala 7 akhoza kufika pa tsamba lolowera la maakaunti anu monga mmene inu mumafikira, chomutchinga n'kukhala pasiwedi yokha. Adiresi yokhazikika siithetsa vuto limeneli, imangolikhazikitsa.

Njira yake si yovuta. Choyamba, kompyuta ya pa kauntala ndi makina a makamera zikhale pa netiweki yakeyake, makasitomala pa yawo. Tinene kuti kauntala ili pa `192.168.10.0/24`, makasitomala ali pa `192.168.20.0/24`, ndipo seva yanu ili pa `198.51.100.20`. Malamulo awiri awa amatseka njira:

```
/ip firewall filter
add chain=forward src-address=192.168.20.0/24 dst-address=198.51.100.20 action=drop
add chain=forward src-address=192.168.20.0/24 dst-address=192.168.10.0/24 action=drop
```

Loyamba likuti makasitomala asafike ku seva, lachiwiri likuti asafike ku kauntala ndi ku makamera. Malamulowa akhale pamwamba pa lamulo lililonse lolola makasitomala kutuluka, chifukwa rauta imawerenga kuchokera pamwamba ndipo imaima pa lamulo loyamba limene lagwirizana ndi uthengawo. Ngati ndalama zili zothina, adiresi imodzi yokhazikika ndi malamulo awiriwa zikukwanirani, ndipo makafe ambiri amayenda motero.

Koma mukakhala kuti mungakwanitse, ine ndimalangiza kupempha maadiresi osachepera awiri, ina ya kauntala, ina ya makasitomala. Chifukwa chake si chitetezo chokha. Adiresi imakhala ndi mbiri. Kasitomala mmodzi akabwera ndi laputopu yodzaza mavayirasi imene ikutumiza maimelo achinyengo mwakachetechete, adiresi yanu ikhoza kulowa m'mindandanda ya maadiresi oipa, monga ya Spamhaus. Zizindikiro zake mudzaziona: masamba ayamba kufunsa aliyense kuti asankhe zithunzi za mabasi ndi njinga asanalowe, masamba ena akungokana, makasitomala akudandaula kuti intaneti yanu yavuta chikhalirecho liwiro lili bwinobwino. Pano adiresi ikadetsedwa, magetsi akazima mumalandira ina, vuto n'kupita kwa wina. Ikakhazikika, mbiri yoipayo ndi yanu mpaka mutaitsuka. Maadiresi akakhala awiri, ya makasitomala ikadetsedwa, ya kauntala imakhala ili yoyera ndipo bizinesi yanu ikuyenda.

Makampani ena amagulitsa imodzi imodzi, ena amapereka kagulu. Kagulu kamene mudzakamve kawirikawiri ndi `/29`, kamene kali ndi maadiresi 8. Musayembekeze kugwiritsa ntchito onse. Mwachitsanzo mukapatsidwa `203.0.113.8/29`, ya `.8` ndi dzina la kaguluko, ya `.15` ndi yolengezera, ya `.9` nthawi zambiri imakhala chipata cha kampani, ndiye inu mumatsala ndi zisanu, kuyambira `.10` mpaka `.14`. Awiri mwa amenewa akaikidwa pa mbali yakunja ya rauta, kugawa kwake n'kotere:

```
/ip firewall nat
add chain=srcnat src-address=192.168.10.0/24 out-interface-list=WAN action=src-nat to-addresses=203.0.113.10
add chain=srcnat src-address=192.168.20.0/24 out-interface-list=WAN action=src-nat to-addresses=203.0.113.11
```

Mizere iwiriyi ikhale pamwamba pa lamulo lakale la `masquerade`, apo ayi onse adzapitiriza kutulukira pamodzi. Seva izilola `.10` yokha. Ubwino wina ndi wakuti tsiku lina rauta ikadzasokonezedwa malamulo otchinga aja n'kufufutika, makasitomala adzakhala akutulukirabe pa adiresi imene seva siikuidziwa.

Tsopano kalata ija. Wolandira woyamba amakhala wa ku malonda, amene amaipereka kwa amisiri. Wamalonda akufuna nambala ya akaunti ndi chimene mukugula. Mmisiri akufuna kudziwa chimene achite pa makina. Kalata yabwino imayankha onse awiri pa tsamba limodzi. Nkhani ya kuzima kwa magetsi ndi kuvutika kwanu ikhale chiganizo chimodzi basi. Mukailemba m'Chingerezi monga amachitira maofesi ambiri, kapena m'Chichewa, mawu amene ndawaika m'zilembo zapaderawa muwalembe momwemo, chifukwa ndi amene ali pa mafomu ndi pa makina awo.

> Okondedwa Bwana,
>
> PEMPHO LA ADIRESI YAPOYERA YOKHAZIKIKA
>
> Ndine mwini intaneti kafe ku Zomba, ndipo nambala ya akaunti yanga ndi ya laini yathu ndazilemba pamwambapa. Ndikupempha `public static IPv4` pa laini imeneyi, yosadzera pa `CGNAT`, yofikika kuchokera kunja. Ndikufuna maadiresi awiri, ina ya ofesi ndi ina ya makasitomala. Ngati simupereka awiri okha, mundiuze mtengo wa `/29`.
>
> Chifukwa chake n'chakuti seva yathu ya maakaunti imalola adiresi imodzi yodziwika, komanso ndikufuna kulowa mu netiweki ya kafe ndi `VPN` ndikakhala kutali. Ndaphatikiza pepala losonyeza mmene adiresi yathu yakhala ikusinthira.
>
> Chonde mundiyankhe polemba pa mfundo izi: njira imene adiresi idzafikire pa rauta yanga (`PPPoE`, `DHCP` kapena kulemba pamanja) pamodzi ndi `gateway` ndi `subnet mask`, ngati kabokosi kanu kadzaikidwe pa `bridge mode`, mapoti amene mumatseka ku mbali yanu, mtengo wolumikizira ndi wa pamwezi, msonkho uli momwemo, komanso ngati adiresi idzakhale yomweyo ndikasintha phukusi kapena kusamuka nyumba.
>
> Ndikupemphanso kuti mukadzafuna kusintha adiresiyi mudzandidziwitse polemba masiku 30 zisanachitike, ndiponso kuti ntchito yosinthayi tidzapangane tsiku ndi nthawi, m'mawa kafe isanatsegulidwe.
>
> Ine wanu,
> Mwini kafe

Muona kuti m'kalatamo sindinatchule adiresi ya seva yanu, mtundu wa makamera, kapena mapasiwedi. Kalata imadutsa m'manja ambiri, ndipo zimenezo sakuzifuna kuti agwire ntchito yawo. Kaiperekeni pamanja kapena pa imelo, koma mulimonsemo mutenge nambala ya pempho kapena chidindo pa kope lanu.

Funso la njira imene adiresi idzafikire lingaoneke laling'ono, koma limadzaluma m'nyengo ya mvula. Akaimangirira ku dzina lanu la `PPPoE`, adiresi imakutsatani ngakhale mutasintha rauta, bola mulembe dzina ndi pasiwedi zomwezo. Akaimangirira ku nambala ya `MAC` ya rauta yanu kudzera pa `DHCP`, tsiku limene mphezi idzawotche rauta n'kugula ina, adiresi ija siidzabwera mpaka muwauze nambala yatsopano. Mukadziwiratu, mumangoimba foni n'kuwawerengera nambalayo m'malo mokhala tsiku lonse mukufufuza chavuta. Ngati intaneti yanu ndi ya pa simu kadi, funsani ngati ali ndi `APN` yapadera ya mabizinesi, chifukwa pa simu wamba adiresi yapoyera kawirikawiri sapereka. Ndipo za kusamuka ndafunsa dala: adiresiyo ndi ya kampani, inu mukungobwereka. Mukadzachoka kwa iwo, imatsala.

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa invoisi. Mukakhala kuseri kwa CGNAT, ngakhale zikukuvutani, anthu akunja sangagogode pa rauta yanu. Tsiku limene mudzalandire adiresi yapoyera, chitetezo chongopezeka mwangozicho chatha. Pa intaneti pali makina amene ntchito yawo usana ndi usiku ndi kuyesa maadiresi onse mmodzimmodzi, ndipo satenga masiku kuti akupezeni. Ndinaitanidwapo pa kafe ina imene inali itangolandira adiresi yake. Titatsegula zolemba za rauta, chinsalu chonse chinali chofiira ndi mizere ya `login failure for user admin from`, adiresi yachilendo pambuyo pake, kenako `via winbox`, mzere pa mzere, ina yotalikirana ndi masekondi ochepa chabe. Mwini wake anali atangomata kapepala ka pasiwedi kunsi kwa kauntala, ndipo pasiwediyo inali dzina la kafe ndi chaka. Anapulumuka chifukwa tinafika msanga. Mu 2018 munapezeka chibowo mu Winbox, pulogalamu yolowera mu marauta a MikroTik, chimene chinkalola munthu kutenga mapasiwedi a rauta popanda kulowa n'komwe, ndipo marauta ambiri padziko analandidwa. Chinatsekedwa chaka chomwecho, koma ndimakumanabe ndi marauta amene sanalandirepo pulogalamu yatsopano chigulireni.

Choncho fayawolo ikonzedwe adiresi isanafike, osati pambuyo. Pulogalamu ya rauta ikwezedwe, dzina la `admin` lichotsedwe, ndipo mbali yakunja itsekedwe yonse kupatula khomo limodzi la VPN, njira yotetezeka yolowera mu netiweki yanu muli kutali:

```
/ip firewall filter
add chain=input connection-state=established,related action=accept
add chain=input protocol=udp dst-port=13231 action=accept
add chain=input in-interface-list=WAN action=drop
/ip service set winbox address=192.168.10.0/24
```

Lamulo la poti 13231 likhale pamwamba pa lamulo lililonse lakale lokana zochokera kunja. Mzere womalizawo ukuti Winbox izilowedwa kuchokera ku netiweki ya kauntala yokha, kuti nawonso makasitomala a m'katimo asaiyese. Onani kuti palibe pamene palembedwa adiresi yanu yakunja, monga ndinanenera poyamba paja.

Pa makamera, chiyeso chimene chidzakufikeni n'chakuti mungotsegula poti ya makina ojambulirawo, kaya 8000 kaya 37777 kaya 554 malinga ndi mtundu wake, kuti foni iziwapeza mwachindunji. Ena amatsegulanso 3389 kuti azilowa mu kompyuta ya pa kauntala ali kunyumba. Chonde bambo, musalole zimenezi ngakhale wokonza atakuuzani kuti ndi mmene amachitira paliponse. Makina a makamera ndi amene amatsalira kwambiri pa kukonzedwa kwa zibowo, ndipo 3389 ndi khomo limene akuba otseka mafayilo n'kumafuna dipo amalikonda. Njira yoyenera ndi VPN yotchedwa WireGuard, imene ili kale mu RouterOS 7, pulogalamu yoyendetsa rauta ya MikroTik. Foni yanu imakhala ndi kiyi wake, imalowa pa poti imodzi ija ya 13231, ndipo ikalowa imaona makamera ngati muli m'kafemo. Wopanda kiyi akagogoda, rauta siyankha n'komwe. Ngati mukufuna kuti foniyo izilowanso mu Winbox, chigawo cha maadiresi a VPN chiwonjezedwe pa mzere womaliza uja.

Lamulo linanso laling'ono limene limateteza mbiri ya adiresi yanu ndi kutseka poti 25 kwa makasitomala, chifukwa ndi imene mavayirasi otumiza maimelo amadutsira. Wotsegula imelo yake pa tsamba sadzaona kusiyana kulikonse. Muzisunganso kaundula wosavuta wa amene anakhala pa kompyuta iti ndi nthawi yanji, komanso zolemba za mavocha. Adiresi ikakhala pa dzina lanu, dandaulo lililonse la zimene zachitikira pa adiresiyo limayamba kufika kwa inu, ndipo m'Malawi muno muli lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti. Kaundulayo musamusiye poyera pa kauntala, muli mayina a anthu.

Mwina akukanani, kapena mtengo ukhala woti kafe singakwanitse. Musataye mtima, chifukwa mavuto anu awiri aja ali ndi njira ina. Seva ya lendi ili kale ndi adiresi yokhazikika. Rauta yanu ikhoza kumaiimbira yokha ndi WireGuard, kuchokera m'kati kupita kunja, ndipo zimenezi zimatheka ngakhale kuseri kwa CGNAT, bola muike `persistent-keepalive=25s` kuti njirayo isatsekeke. Pamenepo seva imasiya kukuzindikirani ndi adiresi, imakuzindikirani ndi kiyi, ndipo foni yanu nayo ikalumikizidwa ku seva yomweyo imatha kudutsira kumeneko kukafika ku makamera. Kunena zoona, njira imeneyi ndimaikonda kuposa kudalira adiresi, chifukwa imagwirabe ntchito laini yaikulu ikaduka inu n'kusamukira pa simu kadi yapadera. Adiresi yokhazikika ndi ya laini imodzi yokha, ndipo tsiku limene faiba yadulidwa ndi okumba ngalande, mukalowera pa simu, seva idzakukanani ngati kale. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna munthu woidziwa kuti aikonze poyamba. Ngati muli kale ndi adiresi yapoyera yongosinthasintha, `/ip cloud set ddns-enabled=yes` imakupatsani dzina limene limatsata adiresi yanu, ndipo limakwanira kuti foni ipeze VPN ya kafe. Pa CGNAT dzinalo silithandiza kanthu.

Akavomera, tsiku losinthalo likhale la pakati pa sabata m'mawa, pamene amisiri awo ali pa ntchito, osati Lachisanu madzulo. Musanakhudze chilichonse sungani makonzedwe a rauta ndi `/export file=zakale` n'kukopera fayiloyo pa fulashi. Adiresi yatsopano iwonjezedwe pa seva kaye, yakale isanachotsedwe, kuti musadzitsekere panja. Wokonza agwiritse ntchito batani la `Safe Mode` mu Winbox, limene limabweza zonse akalakwitsa n'kuduka. Akamaliza, zimitsani rauta ndi kabokosi ka kampani, muyatsenso, kawiri kapena katatu, ndipo nthawi iliyonse muone `ifconfig.me` pa kompyuta ya pa kauntala ndi pa ya makasitomala. Ya kauntala ionetse `.10`, ya makasitomala `.11`. Khalani pa kompyuta ya makasitomala muyese kutsegula maakaunti anu. Ikakana, zili bwino. Makamera muwayese ndi foni itazimitsidwa waifai, ili pa bandulo yake, chifukwa kuyesera m'kati mwa kafe kumanamiza mbali zonse ziwiri: nthawi zina kumatheka pomwe kunja sikukutheka, nthawi zina kumakana pomwe kunja kuli bwino. Musaiwale kuyang'ana adiresi yatsopanoyo pa tsamba la Spamhaus tsiku loyamba lomwelo. Ikapezeka yodetsedwa kale ndi amene ankaigwiritsa ntchito inu musanabwere, pemphani ina nthawi yomweyo.

Kuona maadiresi, kulemba kalata ndi kuyesa zonsezi mungachite nokha ndi mnyamata wanu. Koma kugawa netiweki pawiri pamene pali kale mavocha a waifai, ndiponso kukonza WireGuard, ndi ntchito yoti muitanire munthu amene anazichitapo, ndipo akamaliza akusiyireni mapasiwedi onse ndi fayilo ya makonzedwe m'manja mwanu, osati m'foni mwake mokha. Muitaneninso mwamsanga mukaona dzina la munthu wolowa mu rauta limene simukulidziwa, malamulo amene palibe akuvomera kuti anawalemba, kapena laini ili yodzaza usiku kafe itatsekedwa. Rauta yotero siyongosintha pasiwedi, imafunika kufufutidwa yonse n'kukonzedwanso. Ndipo ngati mwayamba kulipira koma adiresi ikusinthabe, bwererani kwa kampani ndi kope la kalata, nambala ya pempho ndi pepala la maadiresi lija. Akapanda kukuthandizani mutadandaula polemba, nkhaniyo mukhoza kuitengera ku MACRA, amene amalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti.